Yankho pa Nkhani ya Asayimenti Imene Sindinapereke

Limbuli, Mulanje
Lachiwiri, 18 Febuluwale 2025

Wolemekezeka Bambo Mphunzitsi,

Ndalandira uthenga wanu wadzulo wofunsa chifukwa chimene sindinaperekere asayimenti ya kasamalidwe ka nthaka m'minda ya alimi ang'onoang'ono a tiyi, imene inayenera kukufikani Lachisanu pa 14 Febuluwale. Ndikuthokoza kuti mwayamba mwandifunsa musanagamule chilichonse, ndipo ndikupepesa kuti mwachita kuyamba ndinu kundifunafuna, pamene woyenera kuyamba kulankhula ndinali ine.

Lamlungu pa 9 Febuluwale usiku mayi anga, amene anali atadandaula za mutu ndi kuphwanya kwa thupi kwa masiku atatu, anafooka kwambiri mpaka kulephera kuimirira. Tinawatengera pa njinga yamoto kuchipatala chaching'ono cha kwathu kuno, kumene atawayeza anawapeza ndi malungo, koma ataona kuti magazi awo achepa kwambiri anatitumiza kuchipatala chachikulu m'mawa wa Lolemba. Kumeneko anawagoneka, anawaika diripi ndi kuwathira magazi, ndipo atuluka dzulo masana. Monga mukudziwa, wodwala akagonekedwa amafunika womudikirira womusambitsa, kumuphikira, kumuperekeza kukadzithandiza ndi kumvera zimene adokotala akunena akamayendera odwala. M'nyumba mwathu mwana wamkazi wamkulu ndine, mng'ono wanga ali mu Sitandade 8, ndipo amalume, ngakhale anathandiza ndi ndalama ya mayendedwe ndi ufa, sakanatha kugona mu wodi ya amayi. Choncho masiku onsewo ndinali komweko, usiku ndikugona pansi pambali pa bedi lawo.

Sindikufuna kuti matendawa aphimbe mbali imene ndinalakwa ine. Foni ndinali nayo, nambala yanu ndi ya mtsogoleri wa kalasi lathu ndinali nazo, ndipo uthenga wa mizere iwiri sukananditengera ngakhale mphindi zisanu. Lolemba ndi Lachiwiri maganizo anga onse anali pa mayi, ndipo pamenepo ndikukhulupirira kuti mundimvetsa. Koma kuyambira Lachitatu, atayamba kumwa phala ndi kulankhula, mpata wokudziwitsani unalipo. Ndinadzinyenga kuti ndimaliza kulemba ndili kuchipatala komweko ndipo ndipereka pa nthawi yake popanda kukuvutitsani, ndipo Lachisanu litadutsa ndinagwidwa ndi manyazi, n'kumangoti ndikulemberani mawa. Kukhala chete kumeneku ndi kulakwa kwanga, ndipo ndikupempha kuti mundikhululukire.

Ndiloleni ndifotokoze pamene ntchitoyi yafika, kuti muone nokha kuti sinangokhala. Munatiuza kuti aliyense acheze ndi alimi khumi, ayendere minda yawo, ndipo alembe lipoti la masamba asanu ndi atatu. Mayi asanadwale ndinali nditacheza ndi alimi asanu ndi awiri. Ntchitoyi inayenda pang'onopang'ono kuposa mmene ndinkaganizira chifukwa ino ndi nyengo imene tiyi amaphukira kwambiri, ndipo alimi amalawirira kukathyola, kenako n'kukadikira pamalo oyezera masamba, mwakuti nthawi yabwino yowapeza inali madzulo okha, mvula ikalola. Mawu oyamba ndi gawo lofotokoza njira imene ndinatsata ndinalemba kale pa laputopu, ndipo mayankho onse ali m'kope langa pamodzi ndi zithunzi za minda zimene ndinajambula pa foni.

Zimene ndapeza mpaka pano zandichititsa kuikonda ntchitoyi koposa mmene ndinayambira. Ndinapita kumunda ndikuganiza kuti nthaka imakokoloka kwambiri m'minda ya tiyi chifukwa ili pamalo otsetsereka, koma zimene ndinaona n'zosiyana. Pamene tiyi anakula n'kutsekana, masamba amatchinga mphamvu ya mvula, ndipo alimi amene amasiya nthambi zodulira pansi m'malo mozitenga kukasonkhera moto ali ndi dothi lofewa ndi lakuda. Madzi amawononga kwambiri m'mipata imene mitengo ya tiyi inafa osabwezeretsedwa, m'tinjira ta anthu totsika molunjika, ndiponso m'minda ya chimanga yoyandikana nayo imene mizere yake sinatsate akalozera. Pafupifupi mlimi aliyense anatchula namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 ndisanamufunse n'komwe, ndipo mayi wina anandionetsa chigwembe chimene madzi anakumba pakati pa munda wake nthawi imeneyo, chimene tsopano akulimbana nacho podzala udzu wa vetiva ndi nthochi. Mfundo imeneyi ndiyo ndikufuna ikhale msana wa lipoti langa, koma alimi onse asanu ndi awiriwo ali m'munsi, kufupi ndi msewu, ndipo atatu otsalawo ndinawasankha dala chifukwa minda yawo ili kumtunda, m'mphepete mwa phiri, kumene kutsetsereka n'kwakukulu. Popanda iwowa sindingathe kunena molimba mtima kuti zimene ndaona m'munsi zilinso chimodzimodzi kumtunda.

Ndikudziwa kuti ndikanatha kutumiza zimene ndinali nazo Lachisanu lija, kapenanso kudzaza mayankho a anthu atatuwo ndi za m'mutu mwanga kuti nambala ikwane. Njira yachiwiriyi sindinaifune chifukwa alimiwa ndi anthu akwathu amene ndimakumana nawo pamsika ndi pamaliro, ndipo sindingawaike mawu m'kamwa amene sananene. Njira yoyamba ija ndiyo ndikanachita bwino kuitsata, pamodzi ndi kukufotokozerani zimene zandigwera, ndipo ndikudandaula kuti sindinatero.

Pempho langa ndi lakuti mundilole kupereka asayimentiyi Lolemba pa 24 Febuluwale isanakwane 12 koloko masana. Azakhali afika lero kuchokera ku Luchenza kudzakhala ndi mayi, choncho mawa ndi Lachinayi ndikwera kumtunda kukaonana ndi alimi atatu aja, amene ndalankhula nawo kale kudzera kwa wapampando wa kalabu yawo, ndipo kuyambira Lachisanu mpaka Lamlungu ndikhala ndikulemba. Ngati mvula ingatchinge njira mwakuti ndalephera kufikira mmodzi wa iwo, ndidzalemba zimenezo poyera mu lipotimo ndipo ndidzaperekabe pa tsiku ndatchulali, osapemphanso nthawi ina.

Ndikudziwa kuti malamulo a dipatimenti amanena kuti ntchito yochedwa imachotseredwa malikisi, ndiponso kuti anzanga ena anapereka pa nthawi yake ali ndi mavuto awoawo. Ngati muona kuti n'koyenera kundichotsera chifukwa chosakudziwitsani msanga, ndidzalandira popanda kudandaula. Chimene ndikupempha kwambiri n'chakuti ntchitoyi iwerengedwe, chifukwa popanda malikisi ake sindingakwanitse gawo la ntchito za mkati mwa semesita lofunika kuti ndilembe mayeso omaliza a phunziroli.

Pamodzi ndi kalatayi ndatumiza chithunzi cha tsamba la buku la kuchipatala la mayi, losonyeza tsiku limene anagonekedwa ndi limene anatuluka, komanso masamba atatu amene ndalemba kale. Mayi avomera kuti muone bukulo, koma ndikupempha kuti lithere kwa inu ndi kwa mkulu wa dipatimenti ngati pangafunike kutero. Buku lenilenilo ndidzabwera nalo ku ofesi kwanu ndikabwerera kusukulu Lolemba, ndipo ngati pali fomu yoti ndisayine yopempha kuwonjezeredwa nthawi, chonde mundiuze kuti ndidzaitenge tsiku lomwelo.

Ine wophunzira wanu,
Tadala Nakhumwa
Chaka chachiwiri, maphunziro a ulangizi wa zaulimi