Kwa ophunzira a Sitandade 8: mmene mungatsimikizire yankho pa mafunso osankha

Ana inu, ndachonga mayeso oyeserera a Lachisanu. Ambiri mwataya malikisi pa mafunso a A, B, C, D, chonsecho zinthu zake mumazidziwa. Mukuzunguliza msanga. Kuyambira sabata ino mpaka mayeso a MANEB, funso lililonse muzilichita motere.

Phimbani mayankho ndi dzanja, muwerenge funso lokha kawiri. Dulani mzere kunsi kwa mawu amene anyamula funsolo, ndipo musalumphe timawu ngati "si", "osati" ndi "kupatula", chifukwa timatembenuza funso lonse. Kenako chotsani dzanja muyambe kukhwatcha mayankho amene mukudziwa chifukwa chowakanira. Chifukwacho chizineneka pakamwa. "Silikundisangalatsa" si chifukwa.

Tengani funso 14 lija: "Chisomo amayimba bwino mukwaya ya ku Ndirande." Kodi mawu oti "bwino" ndi mtundu wanji wa mawu? A. dzina B. mneni C. mfotokozi D. muonjezi.

A achoke, pakuti mayina m'chiganizomo ndi Chisomo, kwaya ndi Ndirande. B achokenso, ntchito ili pa "amayimba". Atsala C ndi D, ndipo apa ndi pamene kalasi inagwera. Munati "bwino" akufotokoza zinazake, ndiye ndi mfotokozi. Mayeso safunsa mmene mawu akumvekera m'khutu mwanu, amafunsa tanthauzo la m'buku. Tsegulani buku. Mfotokozi amanena zambiri za dzina kapena mlowam'malo. Muonjezi amaonjezera tanthauzo la mneni, mfotokozi kapena muonjezi mnzake. Tsono funsani: "bwino" akukamba za Chisomo mwini wake kapena za kayimbidwe kake? Za kayimbidwe. Watsamira pa mneni, yankho ndi D. Chiganizo chikanati "Chisomo ndi mwana wabwino", C akanakhoza.

Onani kuti sitinaime pongopeza lolondola. Tayesa onse awiri otsalawo pa tanthauzo, lina lakwana, lina lakanika. Mukapeza kuti onse awiri akukwana, bwererani ku funso, pali mawu amene mwawadumpha.

M'chipinda cha mayeso buku simulowa, ndipo wolowa nalo ndi wobera. Ntchito yotsegula bukuyi ndi ya panopa, kunyumba ndi m'magulu anu owerengera. Kumapeto kwa kope lanu lembani tanthauzo lililonse limene lakupunthwitsani, monga liliri m'buku, osalifupikitsa. Mawu amene mumawadula pofupikitsa nthawi zambiri ndi omwewo amene amasiyanitsa C ndi D.

Funso likakukanikani ndithu, musalisiye lopanda yankho. Kulota pa mayankho anayi mwayi wanu ndi umodzi mwa 4, koma mukachotsa awiri ndi umodzi mwa 2. Za mphekesera yoti ukasowa yankho uzisankha C, sindifuna kuimvanso m'kalasi mwanga.

Lolemba mubwere ndi mafunso 11 mpaka 20 mutawachitanso. Pambali pa yankho lililonse lokhwatchidwa mulembe chifukwa, ndipo pa losankhidwalo mulembe tsamba la buku pamene pali tanthauzo lake.

Mphunzitsi wanu wa Chichewa