Kalata yochokera ku Dublin, likulu la dziko la Ireland

Dublin, 5 Okotobala

Okondedwa Bambo ndi Mayi,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi Agogo. Kuno ndili bwino, Mulungu akundisunga. Lero ndakwanitsa mwezi wathunthu chifikireni.

Sabata yoyamba inandivuta, sindinama. Chingerezi cha kuno amachiyankhula mothamanga, moti m'kalasi ndinkangogwedeza mutu pomwe theka la mawu landidutsa. Pano khutu lazolowera, ndipo ntchito yoyamba ndapereka kale kwa aphunzitsi.

Mvula ya kuno si ya kwathu ayi. Imawaza pang'onopang'ono, kusiya, kenako kuyambanso, ndipo mphepo imalowa mpaka m'mafupa. Mayi, juzi munandikakamiza kunyamula ija ndi imene ikundipulumutsa. Anzanga akuti kukada msanga mu Disembala, 4 koloko madzulo dzuwa likhala likulowa.

Ufa ndinaupeza m'sitolo ya zakudya za ku Africa. Tsiku limene ndinaphika nsima ndi usipa uja munandiikira m'chikwama, misozi inalengeza. Ndinadya ndekha, ndikukumbukira momwe timadyera pamkeka, Chisomo akulimbirana nane nkhoko.

Ndalama ya kuno ndi yuro, ndipo lendi imadya gawo lalikulu, koma musadandaule, ndikusamala. Kutchalitchi ndapeza Amalawi angapo amene andilandira ngati mbale wawo.

Bambo, fetereza mwagula? Nanga mwendo wa Agogo uli bwanji? Muuzeni Chisomo alimbikire, mayeso a Fomu 4 sachedwa kufika. Lamlungu ndiimba foni mukaweruka kutchalitchi.

Mupereke moni kwa azakhali ndi onse pakhomo. Ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Tadala