Bwerani ndi Chomwe Muli Nacho: Msonkhano wa Achinyamata ku Eriya 25

Lachisanu pa 14 Ogasiti mpaka Lamulungu pa 16 Ogasiti, pa tchalitchi chathu ku Eriya 25, Lilongwe. Wa anyamata ndi atsikana onse a zaka 15 mpaka 35.

Anzathu, kapepala aka talemba ndife achinyamata anzanu a mumpingo uno. Ena mwa ife tangomaliza kumene mayeso a Fomu 4 ndipo tikudikira zotsatira mtima uli m'mwamba. Ena timalawira ku maganyu ku Kanengo, ena timagulitsa kaunjika pa Nsungwi, wina amayendetsa kabaza, wina ali ndi digiri yake m'chikwama koma makalata ofunsira ntchito watumiza mpaka watopa. Tidapempha abusa ndi akulu ampingo kuti atipatse masiku atatu oti tikhale pansi patokha, tidye limodzi, tiimbe, tipemphere, ndi kukambirana zomwe zimatisowetsa tulo. Adavomera. Tsono tikukuitanani.

Mutu wa msonkhano tautenga pa Yohane 6, pamene Yesu adadyetsa khamu lija la amuna pafupifupi 5,000. Nkhaniyi ili m'mabuku onse anayi a Uthenga Wabwino, koma ndi Yohane yekha amene amatiuza kuti mikate isanu ndi tinsomba tiwiri tija zidali za kamnyamata. Dzina lake silidalembedwe. Ngakhale Andreya amene adakapeza adakayika, nafunsa kuti zochepa chotere zingathandizenji pa anthu ochuluka chonchi. Ambiri a ife funso limenelo timalidziwa bwino, poti timadzifunsa tokha usiku: kodi ine ndili ndi chiyani choti n'kuonetsa pagulu? Ndiye chifukwa chake tikuti bwerani ndi chomwe muli nacho. Ngati ndi mawu oimbira, bwerani nawo. Ngati ndi mafunso okhaokha, amenewonso ndi olandiridwa. Ngati mudasiya kalekale kubwera kutchalitchi ndipo mukuopa kuti anthu akuyang'anitsitsani, dziwani kuti pachipata tikufunsani dzina lanu lokha ndi ngati mwadya. Mpando wanu ulipo.

Zomwe zidzachitike

Lachisanu tidzayamba kulandirana 3 koloko masana. Likangolowa dzuwa tidzasonkha moto pabwalo, kuotcha mbatata, ndi kuimba mpaka 9 koloko. Makwaya a m'milaga yonse adzakhalapo, ndipo ng'oma, gitala ndi kiyibodi zidzakhala za aliyense wodziwa kuziimba.

Loweruka ndiye tsiku lenileni. Ikatha nthawi ya mapemphero ndi phala la m'mawa, tidzagawikana m'magulu a anthu 12, kukhala mozungulira pansi pa mitengo ya mango kuseri kwa tchalitchi. Palibe wodzaima pagome kukulankhulirani kwa maola atatu. Gulu lililonse lidzakhala ndi mkulu mmodzi, koma ntchito yake yaikulu ndi kumvetsera, n'kuyankha akafunsidwa.

Pakhomo la holo tidzaika katoni yomata, yobowola pamwamba, ndi timapepala pambali pake. Lembani funso lomwe simungalifunse mokweza dzanja, osalemba dzina, pindani, ponyani. Chaka chatha katoni yomweyi idadzaza isanakwane 10 koloko. Timakumbukirabe kapepala kena kolembedwa ndi pensulo, kong'ambidwa m'kope la masamu, kofunsa ngati Mulungu amamvabe pemphero la munthu amene adabetcha ndalama ya fizi n'kuluza yonse. Atakawerenga, holo yonse idangoti zii, ndipo titabalalika anyamata angapo adatsalira kuti acheze ndi abusa paokha. Mafunso otere ndi amene tikuwafuna. Za chibwenzi ndi malire ake, za mabulesa, za mowa ndi chamba, za makolo amene sakumvetsani, za foni imene imakudyerani usiku wonse, za nkhawa imene imakupanikizani pachifuwa mpaka kulakalaka kungochoka padziko. Padzakhala namwino ndi mlangizi, onse a mumpingo mwathu momwemo, m'chipinda chapadera. Zomwe mudzawauze zidzathera momwemo.

Masana tidzakamba za ndalama ndi ntchito, chifukwa tikudziwa kuti munthu wanjala savina bwino. Mchemwali wathu wina amene adaphunzira zowotcherera kudzera ku TEVETA adzabwera ndi makina ake, adzationetsa pamaso pathu momwe amalumikizira felemu ya zenera, ndi kufotokoza momwe adalembetsera maphunzirowo. Achimwene ena amene adaphunzira za ulimi ku Bunda adzaonetsa kadimba ka m'matumba, koti n'kulima mpiru ndi tomato ngakhale pa nyumba ya lendi. Amayi a banki m'khonde adzatiphunzitsa kusiyanitsa mpamba ndi phindu, kuti geni isamagwe mwezi wachiwiri. Amene muli ndi kalata yofunsira ntchito, bwerani nayo, tidzaikonzere limodzi.

Ikadzakwana 4 koloko, mpira! Wa miyendo anyamata, wa manja atsikana, ndipo atsikana ofuna wa miyendo timu yawo iliponso. Opambana adzanyamuka ndi nkhuku yamoyo.

Lamulungu mapemphero onse adzakhala m'manja mwa achinyamata, kuyambira 8 koloko: kuwerenga Mawu, kuimba, kulandira alendo, ngakhale kulalikira. Tikadzadya nkhomaliro tidzatsanzikana.

Zofunika kudziwa

Chopereka ndi K10,000 pa munthu, ya chakudya cha masiku onse atatu: nsima ya nyemba, usipa, soya pisi ndi masamba, tiyi, ndi thobwa la amayi a chigwirizano. Perekani kwa msungichuma wa achinyamata mukatuluka m'mapemphero Lamulungu lililonse mpaka pa 9 Ogasiti, kuti ophika adziwe kuchuluka kwa ufa. Ngati ndalamayo palibe, chonde musakhale kunyumba. Bwerani ndi kabeseni ka ufa, nyemba, kapena mtolo wa nkhuni. Ngati izinso zavuta, nong'onezani wapampando wathu. Pali makolo ena amene adalipiriratu malo angapo, ndipo palibe adzadziwe kuti walowera pamenepo ndani.

Tengani Baibulo ngati muli nalo, kope ndi cholembera, mbale, kapu, mphasa kapena matiresi, ndi bulangete. Musaiwale juzi, poti mphepo ya Ogasiti m'mawa imalowa m'mafupa. Atsikana adzagona m'holo pamodzi ndi amayi oyang'anira, anyamata m'makalasi a Sande sukulu pamodzi ndi abambo. Okhala pafupi mutha kumagona kwanu. Amene muli ndi mwana wakhanda bwerani naye, oberekera alipo ambiri.

Ochokera ku Kawale, Biwi, Mchesi, Chinsapo kapena Likuni, kwerani minibasi ya ku 25 ku depoti, tsikirani pa Nsungwi. Lachisanu kuyambira 2 koloko mudzapeza anzanu ovala masikipa achikasu pasiteji, adzakunyamulirani katundu mpaka kutchalitchi. A ku Mgona, Senti ndi Eriya 49, inu njira mukuidziwa.

Kwa inu makolo athu: tikukupemphani mwaulemu kuti muwalole ana anu abwere. Ochepera zaka 18 atenge kalata ya chilolezo ku ofesi ya mpingo kuti musayinire. Chipata chidzatsekedwa 9 koloko usiku ndipo alonda adzakhalapo.

Simuyenera kukhala wa mpingo uno kuti mubwere. Kapepalaka mukawerenga musakataye; kapatseni mnzanu uja mumakhala naye pasiteji kapena pa shopu yochajira mafoni, mumuuze kuti mudzamutenga Lachisanu pa 14.

Ndife anu,
Komiti ya Achinyamata