Kapempheredwe ka Korona: Malangizo kwa Akhristu a Mphakati Wathu kuno ku Chipata

Abale ndi alongo, m'mwezi wa Okutobala tizikumana pa 17 koloko tsiku lililonse kudzapemphera korona, ndipo aliyense amene adzatsogolere, kaya ndi kholo kaya ndi wachinyamata, atsate dongosolo ili.

Gwirani mtanda, chitani chizindikiro cha mtanda, ndipo munene Kumvera kwa Apostoli. Pa mkanda woyamba nenani Atate Athu, pa mikanda itatu yotsatira nenani Tikuoneni Maria katatu popempha chikhulupiriro, chiyembekezo ndi chikondi, kenaka Ulemu kwa Atate. Mukatero mwafika pa makumi asanu. Khumi lililonse limayamba ndi kutchula chinsinsi chake, kenaka Atate Athu pa mkanda wokhala paokha, Tikuoneni Maria pa uliwonse wa mikanda khumi yoyandikana, ndi Ulemu kwa Atate pamapeto. Ambiri amawonjezerapo pemphero la ku Fatima la 1917, lopempha Yesu kuti atikhululukire machimo. Makumi onse akatha timanena Tikuoneni Amfumukazi.

Chimene ndikupempha kwambiri n'chakuti wotsogolera akatchula chinsinsi ayambe wakhala chete pang'ono, chifukwa zala zimagwira mikanda kuti mtima usatanganidwe ndi kuwerenga, koma ukhale pa moyo wa Yesu pamodzi ndi Amayi ake. Korona wothamanga, amene oyankha amayamba wotsogolera asanamalize, amatopetsa ana ndipo amasiya agogo m'mbuyo.

Lolemba ndi Loweruka timasinkhasinkha zinsinsi za chimwemwe: Gabrieli abweretsa uthenga kwa Maria, Maria akacheza kwa Elizabeti, Yesu abadwa ku Betelehemu, aperekedwa m'Nyumba ya Mulungu, ndipo apezeka m'menemo atasowa masiku atatu.

Lachiwiri ndi Lachisanu ndi za chisoni: Yesu avutika mtima m'munda wa Getsemani, akwapulidwa, avekedwa chisoti chaminga, asenza mtanda, afa pa mtanda. Pa masiku amenewa tizitchula odwala athu ndi mabanja ofedwa tisanayambe.

Lachitatu ndi Lamulungu ndi za ulemerero: Yesu auka kwa akufa, akwera kumwamba, Mzimu Woyera atsika pa Pentekoste, Maria atengedwa kumwamba, ndipo avekedwa chisoti chaufumu.

Lachinayi ndi la zinsinsi za kuwala, zimene Papa Yohane Paulo Wachiwiri anapereka kwa Mpingo m'chaka cha 2002, n'chifukwa chake mabuku akale a mapemphero alibe zinsinsizi, ndipo akuluakulu ena sanazizolowere. Izi ndi ubatizo wa Yesu mu Yordano, ukwati wa ku Kana, kulalikidwa kwa Ufumu wa Mulungu koitana anthu kutembenuka mtima, kusandulika kwa maonekedwe a Yesu paphiri, ndi kukhazikitsidwa kwa Ukaristiya. Ndikupempha achinyamata kuti Lachinayi aziwerenga mokweza ndime ya Uthenga Wabwino ya chinsinsi chilichonse.

Amene alibe korona asakhale kunyumba. Abwere, awerenge ndi zala zake khumi.