Fulaiwilo ya Injini ya Chigayo: Imazungulira Kangati Isanaime?

Ophunzira a fizikisi, funso lachitatu la mayeso a Lachiwiri lakugwetsani ambiri, ndiye ndalilemba pano lonse pamodzi ndi kawerengedwe kake. Muliwerenge muli ndi pensulo m'manja.

Funso. Injini ya dizilo ya pachigayo ili ndi fulaiwilo, gudumu lolemera lachitsulo lija, imene ikuzungulira ka 600 pa mphindi. Wogayitsa atazimitsa injini, fulaiwiloyo ikucheperachepera liwiro mofanana sekondi iliyonse mpaka kuima patatha masekondi 40. Kuchoka pakati pake kufika m'mphepete pali mamita 0.30. (a) Pezani α, kasinthidwe ka liwiro la kuzungulira. (b) Kodi yazungulira kangati isanaime? (c) Nanga m'masekondi 20 oyambirira yazungulira kangati? (d) Kodi kadontho ka penti kamene kali m'mphepete mwake kanali pa liwiro lanji injini isanazimitsidwe?

Musanagwire fomyula iliyonse, lembani zimene funso lakupatsani. Pali manambala awiri oonekeratu, 600 ndi 40, koma lachitatu labisala m'mawu akuti "mpaka kuima": liwiro lomaliza, ω, ndi 0. Ena munandilembera m'mphepete mwa pepala kuti funso ndi loperewera. Silinaperewere, ziro ameneyu ndi amene munamudumpha.

Tsopano 600 uja. Pa kachitsulo ka injini amalemba rpm, kutanthauza maulendo ozungulira pa mphindi imodzi, koma mafomyula athu amafuna maradiyani pa sekondi. Ulendo umodzi wathunthu ndi maradiyani 2π, ndipo mphindi ili ndi masekondi 60. Choncho ka 600 pa mphindi ndi ka 10 pa sekondi, ndipo

ω₀ = 10 × 2π = 62.8 rad/s

(a) Mawu akuti "mofanana sekondi iliyonse" ndi amene akutilola kugwiritsa ntchito mafomyula a α wosasintha. Ndi omwe aja a galimoto yoyenda mumsewu woongoka, angosintha malaya: pa v pabwera ω, pa a pabwera α, pa s pabwera θ.

ω = ω₀ + αt
0 = 62.8 + α × 40
α = −1.57 rad/s²

Chizindikiro chochotsera chisakuopseni, ndipo musachifufute. Sichikunena kuti gudumu layamba kubwerera m'mbuyo. Tinasankha kuti mbali imene likuzungulira ikhale yophatikiza, ndiye α wochotsera akutiuza kuti sekondi iliyonse gudumu likutaya 1.57 rad/s pa liwiro lake. Taya zimenezo ka 40, watsala wopanda kanthu.

(b) Apa ndi pamene panagona nkhani. Yankho limene ndinalipeza pa mapepala ambiri ndi 400, kuchokera pa 10 × 40. Taganizani: yankho limeneli likunena kuti gudumu linathamanga ka 10 pa sekondi kwa masekondi 40 onse, kenaka n'kuima mwadzidzidzi ngati lagunda khoma. Aliyense amene anadikirapo ufa wake pachigayo akudziwa kuti sizitero. Phokoso limatsika pang'onopang'ono, masipoko amene sankaoneka amayamba kuoneka, mpaka umatha kuwawerenga ndi maso.

Njira ya fomyula ndi iyi:

θ = ω₀t + ½αt²
θ = 62.8 × 40 + ½ × (−1.57) × 40²
θ = 2512 − 1256 = 1256 rad

Kuti tipeze maulendo tigawe ndi 2π, ndiye 1256 ÷ 6.28 = 200. Amene anaiwala chizindikiro chochotsera anaphatikiza manambala awiriwa n'kupeza 600, gudumu lozimitsidwa n'kuzungulira kuposa loyaka. Yankho lotere mukaliona, bwererani.

Ine ndimakonda njira yachidule, imene mungachite pamtima. Liwiro likamatsika mofanana kuchoka pa 10 kufika pa 0, liwiro lapakatikati ndi 5 pa sekondi, ndipo 5 × 40 ndi 200. Mwa fomyula timalemba θ = ½(ω₀ + ω)t. Onani kuti α sakupezekamo, choncho ngakhale mutalakwitsa gawo (a), gawo (b) mukhoza kulikhoza. Pa mayeso werengani ndi njira imodzi, ina ikhale yotsimikizira.

(c) Theka la nthawi si theka la maulendo, ngakhale mtima umakokera komweko. Pa t = 20 liwiro latsika kufika pa ka 5 pa sekondi. Pakati pa 10 ndi 5 pali 7.5, ndipo 7.5 × 20 = 150. Maulendo 150 mwa 200 atha kale nthawi itangofika theka, ndipo masekondi 20 otsalawo gudumu lizungulira ka 50 kokha.

Ndikufuna muione bwino mfundo imeneyi. Dulani masekondi 40 aja m'zigawo zinayi za masekondi 10. M'chigawo choyamba liwiro lichoka pa 10 kufika pa 7.5, maulendo 87.5. M'chachiwiri 62.5, m'chachitatu 37.5, m'chomaliza 12.5. Gawani onsewa ndi 12.5 muone: 7, 5, 3, 1. Manambala amenewa ndi amene Galileo anasindikiza mu 1638 pofotokoza mtunda umene chinthu chakugwa chimayenda m'nthawi zofanana, 1, 3, 5, 7. Gudumu lathu likuwawerenga chobwerera chifukwa ilo likupita kokaima pamene mwala wa Galileo umachokera poima.

Kuganiza chobwerera kumathandizanso pa mafunso okhudza kumapeto. Mwachitsanzo, ulendo womaliza weniweniwo umatenga nthawi yaitali bwanji? Yerekezani kuti kanema akuseweredwa chobwerera, gudumu likuyamba poima ndi 1.57 rad/s²:

2π = ½ × 1.57 × t²
t² = 8
t = 2.83 s

Ulendo woyamba unatenga pafupifupi 0.1 s, womaliza watenga pafupifupi masekondi atatu.

(d) Iyi ndi yachangu.

v = rω₀ = 0.30 × 62.8 = 18.8 m/s

Ndi pafupifupi makilomita 68 pa ola, liwiro la minibasi pamsewu wa tala. N'chifukwa chake simuyandikira gudumulo mutamanga chitenje cholendewera. Dziwaninso kuti v = rω imagwira ntchito pokhapokha ω ali m'maradiyani pa sekondi. Mukaikamo 600 kapena 10, yankho lasokonekera.

Mmodzi wa inu anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi injini yeniyeni imatsika liwiro mofanana chonchi?" Ayi, osati ndendende. Mu injini ya silinda imodzi pisitoni imapanikiza mpweya kamodzi pa maulendo awiri alionse, ndiye gudumu limachita ngati likudzandira, ndipo kumapeto kwenikweni nthawi zina limagwedera m'mbuyo pang'ono lisanakhazikike. Mpweya wakunja nawo umalikoka kwambiri likamathamanga kusiyana ndi pamene lafooka. Choncho −1.57 rad/s² ndi wapakatikati pa masekondi 40 onse. Funso likanena kuti α ndi wosasintha, gwiritsani mafomyulawa. Likapanda kutero, njira ya theka la liwiro ija musaikhulupirire.

Ntchito yoti mubweretse Lachisanu. Fulaiwilo ina yaima patatha masekondi 25 itazungulira ka 150, liwiro likutsika mofanana. Pezani liwiro limene inayambira, mu rad/s ndi mu rpm, kenaka α, komanso maulendo amene yazungulira m'masekondi 5 omaliza. Yambani ndi fomyula yopanda α, ndipo mulembe mzere uliwonse wa kawerengedwe kanu, chifukwa yankho lokha lopanda njira sindipatsa malikisi.