Mawu otsegulira kwa oika ndalama mu bizinesi: mapampu a sola a alimi ang'onoang'ono

Amayi ndi abambo, zikomo potipatsa mpata uwu. Ndisanatchule za mpamba umene tabwera kudzapempha, ndiloleni ndiyambe ndi kasamu kamene kanatichititsa kutsegula kampani yathu. M'nyengo yotentha mbewu zamasamba zimamwa madzi pafupifupi mamilimita 5 patsiku. Pa dimba la masikweya mita 1,000, komwe ndi kotala chabe ya ekala, amenewo ndi malita 5,000. Mlimi wothirira ndi makheni awiri a malita 10, lina dzanja ili lina dzanja ilo, ayenera kupita kuchitsime ndi kubwerako maulendo 250, ndipo dzuwa likamalowa amakhala atanyamula matani 5 a madzi. Mawa lake madzi omwewo akufunikanso. Palibe msana umene ungapirire zimenezi miyezi itatu, n'chifukwa chake mlimi amachepetsa dimba kufikira pamene mphamvu zake zalekezera, malo otsalawo n'kungogona, madzi ali pompo pansi pa mapazi ake.

Ndinaziona ndi maso anga kwa mayi wina amene anali kasitomala wathu woyamba. Chitsime chake chinali chokumba pamanja, madzi ake osafika n'komwe mamita anayi kuya, ndipo sichinaphwepo. Koma pamalo onse amene anali nawo ankathirira mabedi ochepa okha oyandikana ndi chitsime. Anandionetsa zikhatho zake, zothetheka ndi zogwirira za kheni, n'kundiuza kuti mbewu sizimukanika, chimene chimamugonjetsa ndi mtunda wochoka pachitsime kukafika kumapeto kwa munda. Tinamuikira pampu tsiku lina m'mawa. Madzi atatulukira kumapeto kwa paipi, iye sanayang'ane n'komwe pampuyo, anathamangira kukaima pamalire a munda wake n'kuyamba kuwerenga mabedi amene angaonjezere.

Alimi onga mayiyu si ochepa ayi. Mwa minda yoposa 500 miliyoni imene ilipo padziko lonse, yopitirira 80 pa 100 iliyonse ndi yosakwana mahekitala awiri. Bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi la FAO limanena kuti malo othiriridwa ndi pafupifupi 20 pa 100 ya malo onse olimidwa, koma amatulutsa 40 pa 100 ya chakudya cha padziko. Pamene pafika madzi, zokolola zimachuluka chotero, ndipo mlimi amakolola kawiri kapena katatu pachaka m'malo modikira mvula imene masiku ano imabwera mochedwa kapena kudula mbewu zili pakati.

Mwina mukufunsa kuti mapampu ali kale pamsika, nanga ife tabwera ndi chiyani chatsopano. Alipodi. Pampu yopalasa ndi mapazi ndi yotsika mtengo, koma mphamvu yake ndi munthu yemweyo, ndipo ambiri amaisiya ikawatopetsa. Pampu ya petulo imakoka madzi ambiri, kungoti imafuna ndalama ya mafuta sabata ndi sabata, nthawi imene mlimi sanagulitse kanthu ndipo m'thumba muli mbee. Mapampu a sola akuluakulu anapangidwira minda ya mahekitala ambiri, mtengo wake mlimi wamng'ono sangauyandikire. Chimene chasintha ndi chakuti pakati pa 2010 ndi 2020 mtengo wa mapanelo a sola unatsika ndi pafupifupi 90 pa 100. Pampu yaing'ono imene kale ikanakhala maloto, lero ikutheka kupangidwa pamtengo umene dimba lenilenilo lingabweze.

Yathu ndi iyi ili patsogolo panuyi. Munthu mmodzi amainyamula, panelo yake imachotseka kuti madzulo ikagone m'nyumba, chifukwa mlimi aliyense amene tinacheza naye funso lake loyamba linali la akuba. Dzuwa likawala bwino imakoka malita 2,000 pa ola kuchokera mumtsinje, m'damu kapena pachitsime chosapitirira mamita 7 kuya. Pa maola asanu ndiye kuti theka la ekala lamwa, popanda dontho la mafuta. Ilibe batire, ndipo tinachita dala, pakuti batire ndi imene imayamba kufa komanso imakweza mtengo. Ikavuta, imamasulidwa ndi sipanala imodzi.

Apa ndinene zoona pa zimene zinatigwera. Mapampu athu oyamba 40 anatichititsa manyazi: madzi a mumtsinje amabwera ndi mchenga, mchengawo unadya zitsulo zam'kati, ndipo 11 anaima nyengo isanathe, mbewu zili pamaluwa. Tinapita kwa mlimi aliyense, tinamusinthira kwaulere, ndipo tinataya ndalama zambiri chaka chimenecho. Koma pamenepo m'pamene tinaphunzira bizinesi imeneyi. Tinaika sefa yotsukika ndi manja, tinasintha zipangizo zam'kati, ndipo tinalumbira kuti sitidzagulitsanso pampu kudera kumene kulibe mekaniki wathu wokhala ndi masipeya, woti afike pasanathe masiku awiri. Dimba likakhala sabata losamwa nthawi yotentha, latha, ndipo mlimi amene waluza mbewu sangabweze ngongole ngakhale atafunitsitsa.

Kagulitsidwe kathu katsatira mmene ndalama imalowera m'nyumba ya mlimi. Amapereka gawo limodzi mwa magawo asanu a mtengo potenga pampu, yotsalayo amalipira akakolola, m'nyengo zitatu, kudzera pafoni. Sitimulipiritsa mwezi ndi mwezi ngati wapantchito, chifukwa tomato ndi anyezi sizipsa pakutha pa mwezi. Tisanapereke pampu, wantchito wathu amayamba wakayeza chitsime m'nyengo youma kwambiri, ndipo chikakhala chophwa timakana kugulitsa, ngakhale mlimiyo atabwera ndi ndalama m'manja. Timawalangizanso kubzala mosiyanitsa masabata, kuti onse asakathire mbewu imodzi pamsika tsiku limodzi mitengo n'kugwa.

Pa zaka ziwiri zapitazi tagulitsa mapampu 340. Alimi 96 anamaliza kale kulipira, ambiri mwa otsalawo akulipira m'nthawi yake, ndipo amene tinawalanda pampu chifukwa cholephereratu ndi 14. Makasitomala athu atsopano ambiri sitinawapeze ndi malonda a pawailesi, anachita kubwera okha ataona madzi akuyenda m'munda mwa mnzawo. Panopa tili ndi mayina 600 a alimi amene zitsime zawo tinayeza kale ndipo akudikira.

Chimene chikutimanga manja ndi mpamba. Pampu iliyonse timailipira yonse kufakitale lero, pamene ndalama yake imabwerera kwa ife pang'onopang'ono pa chaka ndi theka, ndiye tikamagulitsa kwambiri m'pamenenso ndalama yogulira katundu imatithera msanga. Tabwera kudzakupemphani mpamba wokwanira mapampu 2,000, kuphunzitsa amekaniki ena 25 ndi kutsegula mosungira masipeya muwiri, posinthana ndi masheya 15 pa 100 a kampani yathu. Mabuku athu onse tabwera nawo, kuphatikizapo a chaka chimene tinaluza chija. Mnzangayu wadzaza mgolo uwo ndi madzi amatope dala, ndipo tisanalowe m'masamu tikupemphani mutuluke nafe panja mphindi zisanu, mmodzi wa inu alumikize yekha panelo ku pampu.