Mafoda a pa S: ndi H: atsekedwa kuyambira Lachisanu pa 14 Novembala, 5 koloko madzulo

Anzanga nonse,

Lachisanu likubwerali, pa 14 Novembala, ikangokwana 5 koloko madzulo ndidzatseka mafoda onse a pa S: ndi pa H: kuti ndisamutse mafayilo athu kupita pa seva yatsopano. Adzatsegulidwanso Lolemba pa 17 Novembala, 7 koloko m'mawa. Pa nthawi yonseyi palibe amene adzathe kutsegula kapena kusunga fayilo pamenepo, kaya ali mu ofesi muno kaya akulowa ali kunyumba kudzera pa VPN.

Imelo, intaneti ndi mafoni zizigwira ntchito monga mwa masiku onse. Pulinta izisindikiza, koma sikana ya pa makina aakulu aja siitha kutumiza zikalata ku foda ya Scans, choncho amene mudzabwere Loweruka musankhe zotumiza ku imelo yanu.

Chimene ndikukupemphani kwambiri n'chimodzi: pofika 4:45 madzulo Lachisanu, sungani ntchito yanu, tsekani fayilo iliyonse, kenako zimitsani kompyuta. Kuizimitsa kwenikweni, kudina Shut down, osati kungopinda laputopu n'kuiponya m'chikwama. Chifukwa chake n'chakuti mukatsegula fayilo ya Word kapena Excel, imakhala m'manja mwanu mpaka mutaitseka, ndipo pulogalamu yokopera ikaipeza ili m'manja mwa munthu ikhoza kuidumpha, kapena kutenga mmene inalili musanalembe zomaliza. Ikadzakwana 5 koloko ndidzadula onse amene adzakhale akadali olumikizidwa, ndipo zimene munalemba koma simunasunge zikhoza kutayika. Zoterozo sindingazibweze ngakhale kuchokera mu bakapu, chifukwa sizinafike n'komwe pa seva. Dzulo usiku nditayang'ana ndinapeza mafayilo 63 ali chitsegulire anthu ataweruka kale, ndipo ina mwa iwo inali ya bajeti imene anthu asanu amalembamo. Zimenezi n'zimene zikundidetsa nkhawa kuposa china chilichonse pa ntchito yonseyi.

Ena mwandifunsa kuti bwanji tikusamuka pamene yakaleyo ikugwira ntchito. Ikugwiradi, koma ikungokakamiza. Imayendera Windows Server 2012 R2, ndipo a Microsoft anasiya kuikonza ndi kutseka mipata yolowera akuba pa 10 Okutobala 2023. Malo nawonso atha: tili ndi mafayilo okwana 2.8 TB pa seva ya 3 TB. Mwezi watha disiki imodzi mwa zinayi inafa. Nditalowa m'chipinda cha seva m'mawa ndinapeza kagetsi kake kakuphethira koyezuka, makina akulira pipipi osalekeza. Palibe chinatayika chifukwa madisikiwo anakonzedwa moti imodzi ikafa zinazo zimanyamula katundu wake. Koma zikanafa ziwiri tsiku limodzi, bwenzi tonse titangokhala manja lende masiku angapo kudikira bakapu. Zitatu zotsalazo n'za msinkhu umodzi ndi imene inafayo.

Zambiri ndakopera kale usiku uliwonse kwa milungu iwiri tsopano, moti Lachisanu ndidzangotenga zimene zasintha. Chodya nthawi ndi kutsimikizira: kuwerenga ngati mafayilo a uku ndi uko akufanana, ndi kuona kuti foda iliyonse ikutsegukira oyenera okha. Foda ya malipiro ndi ya mafayilo a ogwira ntchito ndidzaziyesa ndekha Loweruka ndi akaunti ya munthu wamba, kuti ndione ndi maso anga kuti ikukana.

A ku ofesi ya zachuma, ndasankha dala pakati pa mwezi kuti tisawombane ndi malipiro. Ngati pali lipoti limene liyenera kutuluka Loweruka kapena Lamlungu, kopani mafayilo ofunikawo pa Desktop ya laputopu ya ku ntchito Lachisanu masana, ndipo mundiuze mayina ake. Lolemba tidzabwezera limodzi, kuopa kuti wina angafute ntchito ya mnzake ndi fayilo ya dzina lomwelo. Chonde musaike zinthu za ku ntchito pa fulashi kapena kudzitumizira ku imelo yanu yapadera.

Pali zinthu ziwiri zimene mungandithandize Lachinayi lisanathe. Choyamba ndi mayina ataliatali. Mapulogalamu ambiri a pa Windows amavutika njira yonse ya fayilo, kuyambira pa S: mpaka dzina lake, ikapitirira zilembo 260. Ndapeza mafayilo oposa 400 otere, ambiri ali mu foda ya m'foda ya m'foda, dzina la fayilo lili chiganizo chathunthu. Eni ake ndakutumizirani mndandanda paokha, fupikitsani mayinawo. Kukopera ndingakopere, koma tsiku lina adzakukanani kutseguka. Chachiwiri ndi mafayilo a Outlook othera ndi .pst amene ena munasunga pa H:. Outlook ikakhala yotsegula imawagwira osawasiya, ndipo a Microsoft eniake salimbikitsa kuwagwiritsa ntchito ali pa netiweki. Ngati muli nawo, ndiimbireni ndibwere tiwasamutse bwinobwino.

Lolemba mukadzayatsa kompyuta, lowani ndi dzina ndi pasiwedi yanu yomweyo. S: ndi H: zidzaoneka pamalo pake, mafoda ali monga munawasiyira. Zikapanda kuoneka, kapena mukaona kamtanda kofiira pa S:, dinani Restart kamodzi musanandiimbire. Amene mumagwirira ntchito kunyumba muyambe mwalumikiza VPN.

Chimene chidzavute ndi njira zachidule za pa Desktop, mafayilo a pa mndandanda wa Recent, ndi maliniki a mu Excel amene amatchula seva yakale ndi dzina. Paliponse pamene pali loyambali payenera kukhala lachiwirili:

```
\\FS01\Shared
\\FS02\Shared
```

Excel ikadzakuuzani kuti yalephera kupeza fayilo ina imene imatengako manambala, musadine Break Link. Mukatero mafomula onse amene amawerenga kuchokera kumeneko amasanduka manambala ouma, ndipo mukasunga ndiye kuti kwatha. Tsekani osasunga, mundiitane. Kulozetsa liniki ku malo atsopano n'kwa mphindi ziwiri basi.

Seva yakale sindiizimitsa msanga. Idzakhalapo mpaka pa 15 Disembala, yongowerenga, yosalola kusintha kanthu, ndipo ndidzatenga bakapu yathunthu Lachinayi usiku tisanakhudze chilichonse. Fayilo ikadzasowa, musayambe kuilembanso. Nditumizireni dzina lake ndi foda imene inali, ndikaitenga. Ndipo ngati pofika Lamlungu 6 koloko madzulo ndidzaone kuti zinthu sizili bwino, ndidzabwezera aliyense pa seva yakale n'kukulemberani usiku womwewo, kuti Lolemba ntchito isaime.

Ndikudziwa kuti ena mumamalizira ntchito zanu Loweruka kuli zii, ndipo ndakulandani tsiku limenelo. Pepani ndithu. Ngati masiku amenewa akuwombana ndi china chake chimene sindikuchidziwa, ndiuzeni pofika Lachitatu 12 koloko masana, nthawi yosintha ikadalipo. Akuluakulu a madipatimenti, chonde dziwitsani anzathu amene ali pa tchuthi kapena ali ku ulendo, makamaka ngati anasiya makompyuta awo ali oyaka.

Lolemba ndidzafika 6:30 m'mawa ndipo ndidzayenda ofesi ndi ofesi, kuyambira ku zachuma. Mukafuna thandizo imbani 214 pa foni ya mu ofesi, kapena yankhani imelo yomweyi.

Zikomo kwambiri,

Mnzanu wa ku ofesi ya makompyuta